Njuchi za m'bokosi la mita

Nditasiya ntchito ya pa pulazi ya fodya, tinapeza nyumba ku Glendale. Inali ndi magetsi. Ku komboni tinazolowera parafini. Mkazi wanga anagula firiji yakale, nayamba kuumitsa mafiriziti, timadzi totsekemera ta m'mapulasitiki. Ana a sukulu ankagula. Ndiwo zinkachokera pamenepo.

Mwezi wina bilu inabwera yoopsa, yoposa ya chaka chonse. Pansi pake analemba tsiku lodzadula magetsi.

"Ndi firiji yangayi," anatero mkazi wanga. "Mai a pa bhucha, ogulitsa nyama aja, akuifuna. Ndiigulitsa."

"Dikirani."

"Ndidikire mdima, bambo a ana?"

Ndinapita ku ofesi ya magetsi. Kalaliki anayang'ana pepalalo, naseka.

"Achimwene, mwatsegula chigayo m'nyumba?"

"Mababu ndi firiji basi."

"Mita ikuti bwanji?"

"Sindinaione. Muli njuchi."

Zinali zoona. Njuchi zinalowa m'bokosi la mita pakhoma nthawi ya dzinja. Ndinazisiya. Uchi sathamangitsa.

Kalaliki anati mwina wowerenga mita anaima patali, naona nambala molakwa. Mita imangopita m'tsogolo, sibwerera. Ngati nambala ya pa mita ili pansi pa ya pa bilu, bilu ndiyo yolakwa. Anati ndiwerenge kwa masiku angapo, ndilembe kalata, ndipo ndilipire ndalama zomwe ndimalipira mwezi uliwonse kuti asadule.

Ndinayatsa ndowe youma m'chitini, ndinavala thumba la fetereza kumutu. Mkazi wanga anali pa zenera, atatseka.

"Mukafa, ovolosi ndipatsa mlongo wanga!"

Zinandiluma khutu ndi chala. Zisa ndinachotsa, njuchi ndinasamutsira m'mng'oma kumunda. Galasi la mita linali phula lokhalokha. Nditapala, nambala zinaoneka. Zinali pansi kwambiri pa za pa bilu.

Sabata yonse ndinkalemba nambala m'mawa uliwonse, firiji ikulira. Zinkakwera pang'onopang'ono. Kalata ndinalemba ndekha, m'Chingelezi changa cha pulaimale. Nambala ya akaunti, nambala ya mita, bilu njolakwa, onani pepala ndamatirali, bwerani mudzaone. Njuchi zachoka.

"Yatha?" anafunsa mkazi wanga. "Ngakhale moni mulibe. Pondifunsira munalemba yaifupi chomwechi."

"Munavomera."

Anabwera mnyamata wowerenga mita yemwe uja, ndi mkulu wake wa pa ntchito. Anaima pa geti.

"Mudhara, asilikali anu aja alipo?" anandifunsa mnyamatayo.

"Ndawachotsa ntchito."

Anayandikira chammbali, dzanja lili pa khosi. Anawerenga, mkulu nalemba. Mnyamatayo anavomera kuti tsiku lija anasuzumira ali pa mtengo wa mango, njuchi imodzi ili kale m'kolala. Sindinamudzudzule. Njuchi zinali zanga.

Mkazi wanga anawapatsa mafiriziti ndi uchi m'botolo.

Bilu yotsatira inabwera yokonzedwa. Mai a pa bhucha anabwerabe ndi wilibala kudzatenga firiji. Mkazi wanga anawakhazika pa mpando, nawagulitsa firiziti yofiira.