Bedi loonerapo nyanja

Amalume anga atasiya ntchito yopha nsomba ndi makoka a chilimira, anamanga zipinda zinayi zogona alendo pamalo pawo ku Ngala. Alendo sankabwera, kupatula ogula nsomba amene basi yawasiya. Munthu wina anawauza kuti masiku ano alendo amabukitsa zipinda pa intaneti, ndipo popeza ine ndinali kalaliki pa sukulu ina ku Dwangwa, ntchito yolemba inagwera ine.

Pa webusaitipo pamafunika zithunzi, kukula kwa chipinda, mtundu wa bedi, ndi timabokosi tochonga: fani, neti, bafa la m'kati, madzi otentha, poimika galimoto. Kenako pamakhala mpata wolembapo mawu okopa. Ndinalemba m'Chingerezi, ndipo ndinadzigomera ndekha. Za chipinda chachitatu ndinati mlendo adzadzuka n'kuona nyanja ali chigonere pabedi.

Amalume ndi munthu wa mzikiti, bodza amaliopa ngati njoka. Anandiuza kuti ndiwamasulire mawu onse ndisanatumize. Nditafika pa chipinda chachitatu anaimirira, kuvula nsapato, n'kukagona pabedipo chagada.

"Iwe, ine ndikuona khoma la khitchini," anatero.

"Ndi kalembedwe chabe, malume. Nyanjayo siili komweko?"

"Ili komweko, koma sindikuiona."

Anakhala tsonga, sinaoneke. Anagwada, sinaoneke. Ataimirira pa matiresi, mutu utatsala pang'ono kugunda siling'i, anafuula kuti, "Iyo!" Pamwamba pa denga la khitchini pankaoneka kamzere ka madzi, kopyapyala ngati lamba.

Ndinati basi tifufute chiganizocho. Anakana. Anati m'zonse zimene ndalemba, mawu amenewo ndiwo awafika pamtima, ndipo iwo eni akanakhala mlendo akanabwera chifukwa cha mawu omwewo. Mawu alibe vuto, vuto ndi bedi.

Loweruka lotsatira ndinapeza kalipentala akumaliza ntchito. Bedi linali litakhala pa nsanja ya mitengo ya bulugamu, yofika m'khosi mwanga, ndi makwerero pambali. Linkaoneka ngati thandala loyanikapo usipa. Amalume anakwera, kugona, kutembenuzira mutu ku zenera.

"Tumiza tsopano. Palibe bodza."

Ndinakweranso ine kuti ndione. Zoonadi nyanja inkaoneka. Koma pamwamba pa mphuno yanga panali fani ya m'siling'i, yoti munthu ataiwala n'kudzuka mofulumira ingamumete mpala. Ndinawaonetsa. Anaitanitsa wamagetsi, fani inatsitsidwa.

"Ndiye ndichotse chongi pa bokosi la fani," ndinatero.

"Bokosilo likufunsa chiyani?"

"Likufunsa ngati m'chipindamo muli fani."

Anainyamula faniyo, kuipukuta fumbi, n'kuiika bwinobwino pansi pa nsanja, pomwe tsopano panali malo okwana ngakhale njinga.

"Ilimo kapena mulibe?"

Apa ndinalimba mtima. Ndinati mlendo akaona chongi pa fani, saganiza za chitsulo chogona pansi, amaganiza za mphepo mwezi wa Okutobala. Mawu akhoza kukhala oona, munthu n'kupusitsidwabe. Anasisita ndevu, kenako anati nkhani imeneyi akafunsa ashehe. Sindikudziwa chimene anakambirana kumeneko, koma anabwerako ndi fani yoimika pansi, yogula ku Dwangwa. Inkazungulira bwino ndithu, kungoti mphepo yake inkadutsa kunsi kwa bedi. Anaikweza pa mpando, mpandowo pa tebulo.

Chithunzi cha chipindacho ndinali nditajambula kale bedi lisanakwere, ndipo m'chipwirikiti chonsechi palibe anakumbukira kujambula china.

Woyamba kubukitsa chipinda chachitatu anali mayi wina wochokera ku Lilongwe, wobwera kudzaphunzitsa alimi a mpunga. Anali wamfupi, wojintcha, wa zaka zofanana ndi mayi anga. Ndinali pomwepo tsiku limenelo. Amalume anamunyamulira chikwama, kutsegula chitseko monyadira, n'kuima pambali. Mayiyo anayang'ana bedi kuyambira pansi mpaka pamwamba, kenako fani ili pa mpando pa tebulo, kenako anatulutsa foni n'kuyang'ana chithunzi.

"Bambo, chipinda chake ndi chomwechi?"

"Chomwechi, mayi. Bedinso ndi lomwelo. Langokwera."

"Lakwera chifukwa chiyani? Kumabwera madzi?"

"Ayi, mayi. Kuti muone nyanja muli chigonere, monga tinalembera."

Mayiyo sanaseke. Anavula nsapato, kumanga chitenje m'chiuno, n'kuyamba kukwera, ine nditagwira makwerero. Atafika anagona, n'kutembenuzira mutu ku zenera.

"Ikuoneka," anatero. "Tsopano nditsitseni."

Kutsika kunavuta kuposa kukwera. Anatembenuka chafufumimba, phazi likufufuza popondera, amalume atayang'ana kukhoma mwaulemu uku akupereka malangizo osaona. Atafika pansi anapempha kuti matiresi aikidwe pa simenti. Zipinda zina zinali ndi anthu a ukwati, choncho anagona masiku ake onse kunsi kwa nsanja, neti itamangidwa ku mitengo ya bulugamu ija. Fani tinaitsitsanso.

Amalume sanapeze mtendere. Mlendo analipira kuti aone nyanja ali chigonere, ndipo sakuiona. M'mawa mwake anapita kukagogoda ndi kalilole wamkulu wa azakhali, kuti amupachike mopendeka pa zenera, nyanja izionekera pansi. Mayiyo anayankhira m'kati kuti nyanja anaiona kale ali mwana, chimene akufuna ndi tiyi.

Mlendo akachoka, webusaiti imamutumizira uthenga kuti alembe ndemanga ndi kupereka malikisi, ndipo mwini malo sangaifufute. Ndemanga ya mayiyo inatuluka patapita masiku. Anayamikira ukhondo, chambo chootcha ndi ulemu wa eni malo. Kenako analemba kuti zonse zolembedwa za chipinda chachitatu ndi zoona, koma chithunzi ndi chakale, ndipo amene ali ndi vuto la mawondo afunse kaye kutalika kwa bedi.

Nditawamasulira, amalume anagwira pakamwa. Mawu akuti chithunzi ndi chakale anawapweteka kuposa china chilichonse, poti pamenepo ndiye panali bodza lenileni, ndipo linadutsa iwo akuyang'anira. Tsiku lomwelo anandijambulitsa china, iwo ataima pambali pa bedi kuti anthu aone msinkhu wake. Ndinawauza kuti zithunzi za zipinda sizikhala ndi anthu. Anaimikapo tsache.

Mawu tinalembanso limodzi, titakhala pakhonde. Ine ndinkatchula, iwo ankavomera kapena kukana. Tinalemba kuti bedi ndi lokwera, lofikirika ndi makwerero, kuti munthu ali pamenepo amaona kachigawo ka nyanja pamwamba pa denga, ndi kuti wofuna kugona pansi anene, timuyalira. Tinalemba kuti madzi otentha amabwera mu ndowa mukapempha, ndi kuti magetsi akazima fani imaima. Ndinkaona ngati tikuthamangitsa alendo ndi manja athu.

Ena anathawadi. Koma amene ankabwera sankadabwa kanthu, ndipo madandaulo anachepa. Chipinda chachitatu chinayamba kukondedwa ndi mabanja a ana, ana pamwamba, makolo pansi. Mpaka lero amalume amakhulupirira kuti anawo amalimbirana malo apamwamba chifukwa cha nyanja.