Choko cha a Kalinde

Ku Namitambo, aliyense amene anaphunzirako fizikisi kusekondale ya kuseri kwa msika amawakumbukira a Kalinde. Anali bambo wamfupi, mwana wa alimi a fodya, ndipo malaya awo sankatha fumbi la choko ngakhale Lamulungu. Anayamba kuphunzitsa dziko litangolandira ufulu, ndipo anakalambira pabolodi lomwelo.

Vuto lawo linali limodzi: mayuniti. Mwana akangolemba nambala yokha osanena ngati ndi mamita, makilogalamu kapena masekondi, ankaima kumbuyo kwake n'kufunsa, "Makumi awiri a chiyani? A mbuzi?" Ana onse ankawalembetsa mayuniti pamzere uliwonse, n'kumafafaniza ofanana pamwamba ndi pansi mpaka yotsalayo igwirizane ndi funso. "Nambala imanama," ankatero, "koma yuniti yotsala imaulula."

Mwa ana onse, amene anaigwira bwino nzeruyi anali Frackson Mateyo, mwana wamasiye wa ku Njuli. A Kalinde anamusunga pakhomo pawo mpaka anamaliza Fomu 4, ndipo akazi awo, a Nabanda, ankamuchapira ngati wobala okha. Frackson anapita ku yunivesite, ndipo mu 1986 anabwerera kusukulu yomweyo ngati hedimasitala. A Kalinde anapha tambala.

Chaka chotsatira a Kalinde anafika zaka zopuma ntchito, koma mtima unali usanakhute. Anapempha kuti awawonjezere nthawi, ndipo pempholo linkadikira mawu a hedimasitala. Sanade nalo nkhawa. Akanawakaniza ndani, mwana wawo yemwe?

Nyengo yomweyo sukulu za m'derali zinagwirizana kulembetsa mayeso amodzi okonzekera a boma. Frackson anakonza yekha mafunso a fizikisi ndi mayankho ake, a Kalinde n'kungothandiza kupukusa makina osindikizira. Pochonga mayesowo, a Kalinde anaona kuti ana awo anzeru onse akulakwa funso limodzi: galimoto ikuyenda makilomita 72 pa ola, kodi ndi mamita angati pa sekondi? Anawo ankati 20. Yankho la hedimasitala linkati 1,200.

A Kalinde anadikira kuti ofesi itsale yopanda anthu, n'kutseka chitseko.

"Frackson, mwanawe, bwera uone." Analemba pakapepala akulankhula. "Makilomita 72 pa ola, kuchulukitsa ndi mamita 1,000 pa kilomita. Makilomita afafanizika. Kenako wachulukitsa ndi ola limodzi pa maminitsi 60. Maola afafanizika. Chatsala n'chiyani?"

Frackson anayang'ana pakapepalapo. "Mamita pa miniti," anayankha motsitsa.

"Eya. 1,200 yakoyo ndi ya pa miniti. Chulukitsanso ndi miniti imodzi pa masekondi 60, upeza mamita 20 pa sekondi. Konza anzako asanaone. Amalakwa ndi amene akugwira ntchito."

"Zikomo, bambo. Mwandivinikira," anatero Frackson, atagwira dzanja lawo ndi manja awiri.

Koma mapepala anali atafika kale kusukulu zina, ndipo madandaulo anakafika kuofesi ya maphunziro. Lachisanu kunabwera woyendera sukulu, aphunzitsi onse n'kusonkhana m'kalasi ya Fomu 4. A Kalinde anakhala kumbuyo, mtima uli m'malo.

Frackson anatola choko patebulo la a Kalinde. Analemba mzere womwe uja, n'kufafaniza makilomita, n'kufafaniza maola, n'kuzunguliza miniti yotsalayo. "Nambala imanama," anauza mlendoyo, "koma yuniti yotsala imaulula." Mlendoyo anagwedeza mutu mokhutira, n'kufunsa kuti nanga yankho lolakwikalo linachokera kwa ndani.

"Mbali imeneyi ndinawasiyira a Kalinde," anatero Frackson, osayang'ana kumbuyo. "Tisawaweruze, bwana. Atumikira nthawi yaitali, ndipo ukalamba sauza munthu kuti wafika."

A Kalinde akanadziteteza bwanji? Mboni panalibe, poti chitseko chija anatseka okha pofuna kumubisira Frackson manyazi. Zinawapweteka kwambiri, kuposa tsiku limene anaika mbale wawo m'manda. Bodza lokha akanalipirira. Chimene chinawalasa n'chakuti mnyamatayo anafotokoza bwino zedi, mwadongosolo, mmene iwo anamuphunzitsira pakhonde la nyumba yawo.

Pempho lija linakanidwa. Pakutha pa chaka anakweza mabuku awo panjinga n'kubwerera kumunda.

A Nabanda sanamutchulenso dzina Frackson, ankangoti "uja tinkamuchapira". Ana a sukulu akabwera kudzapempha thandizo, a Kalinde ankawakhazika pamkeka n'kuwalembetsa mayuniti monga kale. Tsiku lina mtsikana wina, Ellina, atapeza yekha pamene analakwitsa, anaseka n'kunena kuti, "Ahedi amatiuza kuti yuniti yotsala imaulula. Akuti nzeru imeneyi anaitola ku yunivesite."

A Kalinde anayang'ana pepala la mtsikanayo. Linali lokhoza.

"Anakuphunzitsa bwino," anatero, n'kulowa m'nyumba.