Madontho a Dayi m'Bafa Mwathu

Masiku amenewo ndinali namwino pachipatala china cha mishoni m'mapiri a Dedza. Ine ndi amuna anga, omwe anali kalaliki, tinkakhala m'nyumba yakale ya mishoniyo, ya bafa la matailosi oyera.

Achimwene anga anali ahedimasitala cha ku Mayani. Kuyambira ali mnyamata anali ndi imvi pamphumi pokha, ndipo aliyense ankawadziwira pamenepo. Chaka china anakana kutulutsa ana m'mayeso kuti akavine pamsonkhano wa chipani. Wina anakawanenera.

Anafika kwathu m'mawa wina wa Juni, chifunga chili tolo, atavala chipewa.

"Mlongo wanga, akundifuna. Pamsewu akuvula anthu zipewa. Ndiwoloke lero lomwe."

Anatulutsa kabotolo ka dayi wakuda wa ufa. Ndinavala magolovesi a kuntchito, n'kusungunula theka, n'kuwapaka atawerama pabeseni. Ndinkapaka mofulumira, dayi ankangodontha. Titatsuka anadzipukuta ndi thawulo lathu lobiriwira, n'kunyamuka panjinga ndi thumba la kachewere ngati wamalonda, kulowera kumalire a Mozambique.

Pamene ndinkawapaka, madonthowo ankaoneka ngati madzi a tiyi, sindinawasamale. Nditabwerera m'bafa anali atada bii. Dayi amatero, amada akakhalitsa pamphepo, ndipo ukachedwa kupukuta amagwira. Anali m'beseni, pakhoma, pansi, pathawulo. M'nyumba mwathu munalibe wodaya tsitsi, ndipo mayi wa nyumba yoyandikana, yemwe mwamuna wake anali wa chipani, ankalowa mpaka kubafa osaodira.

Amuna anga anabwera ndi mchenga.

"Ayi bambo, mchenga ukanda beseni, dayi alowa m'mikwingwirimamo."

Ndinakanda soda ndi madzi pang'ono, n'kumata m'beseni, n'kudikira. Nditapukuta ndi nsalu, mbali yosalala inayera. Pamene beseni linasupuka kale panatsala kuda. Ndinatsukuluza, n'kuikapo thonje lonyowa ndi jiki. Amuna anga anafuna kufinyirapo mandimu kuti zifulumire, ndinawagwira dzanja. Jiki ndi mandimu zikakumana zimatulutsa mpweya wotsamwitsa. Tinatsegula zenera pang'ono, osati kwambiri, poopa kuti fungo lifika kwa oyandikana nafe.

Matailosi sanavute. Chinavuta ndi simenti ya m'mizere, yomwe inali itamwa dayi. Ndinaikwecha ndi mswachi wakale mpaka zala kuchita dzanzi, koma inangosanduka yotuwa. Thawulo ndinaliviika m'madzi ozizira ndi sopo, poti otentha amakhazikitsa banga. Bangalo silinachoke. Nditadontheza jiki, mtundu wobiriwira ndiwo unachoka, panatsala chigamba choyera, pakati pake bangalo likuonekabe.

Dzuwa litapendeka tinamva galimoto ikukwera mtunda wa kuchipatala. Inaima kaye kumeneko.

Amuna anga anayang'ana mizere ija, anayang'ana thawulo. Anali munthu wonyadira imvi zake, mkulu wa mpingo, woseka amuna odaya tsitsi. Anakhala pampando n'kuvula malaya.

"Watsala theka uja? Ndipakeni. Limbani mtima, mayi."

Ndinawapaka. Sitinadikire nthawi yokwanira, moti tsitsi linatuluka lofiirira. Anali akudzipukutabe ndi thawulo lomwe lija pamene anthu anagogoda.

Anali amuna atatu, osavala yunifolomu. Wamkulu wawo anali waulemu kwambiri, wolankhula motsitsa. Anafunsa za achimwene, tinati sitinawaone chiyambire Pasaka. Anapempha kusamba m'manja. Ndinamutsatira mpaka pakhomo la bafa. Anasamba mosafulumira, ananunkhiza mpweya, n'kugwada, n'kuyendetsa chala m'mzere wa simenti.

"Mwakwecha kwambiri, asisitala."

"Nyumba ndi ya mishoni, bambo. Tikaidetsa atidzudzula."

Anatuluka n'kuima patsogolo pa amuna anga, akuwayang'ana kumutu.

"Mwayamba liti kudaya, akalaliki?"

"Lero. Akazi anga akuti ndakalamba."

Anzake aja anaseka. Iye sanaseke.

"Dayi safuna kulekeza," anatero. "Tsitsi limakula. Ndizidzakuonani."

Ndipo ankabweradi. Nthawi zina pakapita mwezi, nthawi zina Lamlungu potuluka m'tchalitchi timamupeza ataima pansi pa mtengo wa paini, amatipatsa moni, maso ali pamutu pa amuna anga. Choncho imvi zikangoyamba kuoneka kumizu, ndinkagula kabotolo kena. Ndinaphunzira kuyala manyuzipepala akale pansi, kupaka mafuta m'mphepete mwa mphumi, ndi kupukuta dontho lililonse lisanade. Anzawo a kumpingo ankawaseka amuna anga.

Za achimwene tinamva patapita nthawi yaitali, kwa mayi wina wa tsidya lija yemwe anabwera ndi mwana wodwala. Pamene ndinkamubaya jakisoni mwanayo, mayiyo anandinong'oneza kuti kwawo kuli mphunzitsi wina wochokera kuno, ndipo ali moyo. Sindinafunse zambiri. Pabenchi panja panali anthu, ndipo sindinkawadziwa onse.