Suti ya Kondwelani

Faustina ndi mwana wanga wachiwiri, ndipo amene anadutsapo pa Kaluluma amamudziwa. Ndi mayi uja amakhala pa khonde la golosale ya buluu, makina osokera patsogolo, tepi m'khosi ngati mkanda. Ena amati ndi wouma mtima chifukwa saseka ndi aliyense. Amene amatero sanamulere. Ndinamulera ndine, choncho mundimvere ine.

Singano yoyamba imene anagwira inali yosokera fodya. Kuno mwana wamkazi akangoyamba kudziwa kutunga madzi amakhala pansi m'chigafa n'kumasoka masamba, manja akuda bii ndi utomoni. Faustina ankasoka mofulumira kuposa akuluakulu, koma fodya ankamudwalitsa mutu. Atalephera kupitiriza sukulu anapita ku boma kwa telala wina wachikulire, n'kuyamba ndi kusesa nsanza pansi. Anabwerako akudziwa kusoka ngakhale jekete, ntchito imene matelala ambiri aamuna amaithawa. Anakwatiwa, koma Mulungu sanamupatse mwana, ndipo mwamunayo anapita kwa wina. Za iyeyo sindilemba, pepala langa n'lodula.

Mkulu wake Lefina atamwalira anasiya mwana wamwamuna, Kondwelani, ali wosayamba sukulu. Faustina sanadikire kuti abale akambirane. Anamutenga tsiku lomwe tinasesa, ndipo kuyambira pamenepo mwanayo ankamuitana kuti amayi. Yunifolomu iliyonse ya Kondwelani inatuluka pa makina amenewo. Thupi la mwanayo Faustina ankalidziwa kuposa mwini wake. Ali mnyamata anagwa pamwamba pa chigafa akupachika fodya, fupa la paphewa la kumanja n'kuthyoka. Linapola, koma phewalo linatsalira pansi pang'ono. Anthu sankaona. Faustina ankaona, ndipo malaya aliwonse ankawadula moganizira phewa limenelo.

Zaka zija fodya anavuta ku okushoni, anyamata a kuno anayamba kuthawira ku Joni, ndipo Kondwelani anapita nawo. Anapeza ntchito yomanga nyumba, akugona chipinda chimodzi ndi mnzake Raymond wa ku Simlemba. Atabwera kudzationa anali wojintcha, masaya ngati mabanzi, ndipo anatomera Thokozile, mtsikana wa mu kwaya ya ku tchalitchi kwathu. Faustina anamuyeza Kondwelani ndi tepi nthawi yomweyo kuti amusokere suti ya ukwati.

"Amayi, ku Jonitu masuti ali mbwee," anamuseka Kondwelani.

"Ukagule, ukavale pokagula tomato. Ya ukwati isokedwa pano."

Anaisokadi, ya mtundu wa phulusa, ndipo m'phewa la kumanja anaikamo thonje lowonjezera kuti mapewa onse aoneke ofanana. Ukwati unali woti uchitike fodya akagulitsidwa. Faustina anafuna kuti ngati pali pokonza adziwiretu, ndiye anatumiza sutiyo ndi anthu onyamula katundu wa ku Joni. Analankhula mawu pa Watsapu, ine ndili pomwepo, kumuuza zochita. Avale suti yonse ndi nsapato za ukwati, amange batani la pamwamba, aime chilili pa kalilole wamkulu, aoneke kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Foni aigwire pachifuwa, chigongono chili pansi, chifukwa munthu akakweza mkono phewa limakwera nalo, ndipo akajambula kuchokera pamwamba miyendo imaoneka yaifupi, thalauzi n'kunamizira kutalika.

Chithunzi chinachedwa. Kondwelani ankangolemba kuti ntchito yachuluka, ndipo kuimba foni anasiya. Tsiku lina masana ndili pa khondepo kusenda nyemba, foni inalira. Thokozile analipo, anabwera kudzayesa diresi lake. Tinaunjikana.

Munthu wa pachithunzicho anaima bwino, suti ikuwala, koma foni anaikweza mpaka inabisa nkhope yonse.

"Eee, bwana wanga!" anafuula Thokozile. "Agogo, taonani mmene wanenepera. Batani lilira ili!"

Inenso ndinaseka, ndinati mdzukulu wanga akudya bwino. Faustina yekha sanaseke. Anakulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri n'kuyamba kuyenda nacho pang'onopang'ono.

"Amama, kalilole amatembenuza mbali, ndiye tisayambe tasokonezeka. Onani thumba la pachifuwa. Thumba limakhala kumanzere. Dzanja lagwira foni ndi la mbali ya thumbayo. Phewa limenelo likakwera sindidabwa. Koma taonani linali. Mkono uli pansi, phewa lili m'mwamba. Thonje langa laima ngati chulu."

"Mwina waima mopendekeka," ndinatero.

"Mwina. Tiyeni m'chiuno. Nsalu yakokeka pa batani, makwinya mbali zonse. Zimenezo n'zotheka, munthu amanenepa. Koma tsikani kuno." Analoza dzanja limene linali pansi. "Mkono wa jekete ndinauyeza kuti uthere pa kafupa ka padzanja. Apa wathera kumtunda, dzanja lonse lili pabwalo. Thalauzi ndinalisiya kuti likhudze nsapato. Apa sokosi zikuoneka. Munthu wamkulu amanenepa, amaonda, koma satalika."

Anaika foni pa makina.

"Uyu si mwana wanga."

Thokozile anakwiya. Anati amayi mukufuna kunena kuti Kondwelani wagulitsa suti? Kapena wabwereketsa? Ine ndinakwiya koposa, chifukwa mdzukulu wanga sanali wabodza, ndipo ndinamuuza Faustina kuti maso ake ayamba kukalamba. Iye anangotenganso foni ija. Anaimbira Raymond, ndipo anakweza mawu a foni kuti tonse timve.

"Raymond, suti yakukwana bwanji?"

Kunamveka kaseko kouma. "Ah, amama, suti yake iti?"

"Usandiputse, iwe. Miyendo ya ngati nsungwi ija ndikuidziwa, ndinakusokerapo kabudula amako akulira kuti nsalu yatha. Mwana wanga ali kuti?"

Raymond anayamba kulira ngati si mwamuna wa ndevu. Anati Kondwelani wakhala akutsokomola kuyambira nthawi yozizira, thukuta usiku, chakudya osadya, ntchito anasiya. Ku chipatala ankaopa chifukwa mapepala ake anatha. Suti itafika anaivala, n'kudziona pa kalilole, n'kukhala pansi. Ndiye anapempha mnzakeyo kuti avale ndi kubisa nkhope. Anati akachira adzanenepanso ukwati usanafike, ndipo kumudzi sadzadziwa kanthu.

Inu amene muli ndi ana ku Joni mukudziwa chimene chinatigwira pamtima. Taona magalimoto aja akufika pa Kaluluma akukoka kangolo kumbuyo, bokosi lili m'menemo, mabanja akulandira mwana amene sanamudwazike ngakhale tsiku limodzi. Ine ndinati wanga ayi. Wanga abwere ndi miyendo yake.

Koma Kondwelani anakana. Atatenga foni mawu ake anali ngati a nkhalamba, komabe ankati n'chimfine chabe, Raymond amakonda kukokomeza. Ine ndinakalipa, Thokozile anachonderera, osathandiza. Faustina anangoti:

"Chabwino. Vala suti, undijambulire monga ndinakuuzira. Nkhope ioneke. Ikakukwana, khala konko, sindikuvutitsanso. Ikapanda kukukwana, ndine telala wake, ndipo suti siikonzedwa pa foni. Ubwera nayo."

Chithunzi chachiwiri chinafika dzuwa lisanalowe. Ndichinena monga ndinachionera. Msoko wa paphewa, umene umayenera kuthera pamene fupa lathera, unali utagwera pa mkono, nsalu itaphwa m'munsi mwake. Kolala inali itatalikirana ndi khosi. Batani linali lomanga, koma m'katimo mukanalowa mwana. Thalauzi analimanga ndi lamba, nsalu itaunjikana m'chiuno ngati kukamwa kwa thumba la chimanga. Manja a jekete anatsikira m'zala chifukwa mapewa anagwa, koma thalauzi, poti analikokera pamalo pake, linakhudza nsapato ndendende monga Faustina analiyezera. Ndipo mapewa awiriwo, ngakhale anali olendewera, anali ofanana. Thonje lija linapeza mwini wake.

Mwanayo anali akumwetulira, inu. Mano okhaokha.

Faustina anayang'ana nthawi yaitali, kenako analankhula mu foni ndi mawu a ntchito, ngati akuuza kasitomala.

"Utali uli bwino. M'chiuno ndibweza. Mapewa ndi ovuta, mpaka ndimasule manja onse, ndipo sindingachite iwe kulibe. Kwera basi."

Atatseka foni analowa kuseri kwa golosale. Ndinamumva, koma sindinamutsatire.

Kondwelani anakwera basi. Raymond anasiya ntchito yake n'kumuperekeza ulendo wonsewo, ndipo chifukwa cha chimenecho bodza la sutilo ndinamukhululukira. Tinathamanga naye ku chipatala. Anati n'chifuwa chachikulu, chinali chitadya kale mapapo, koma anamuyambitsa mankhwala. Anagonako, kenako anamutulutsa kuti azimwera kunyumba. Ankakhala pa mkeka pansi pa mtengo wa mango, kuonerera anthu akusankha fodya, kumawanyoza kuti akusakaniza masamba. Thokozile ankamuphikira phala. Ine ndinkamusambitsa kumapazi. Tinamudwazika ndi manja athu, ndipo zimenezo palibe angatilande.

Tsiku lina atapezako mphamvu Faustina anamuimiritsa, akugwirira mpando, n'kumuveka jekete. Anayenda momuzungulira ndi choko, mapini ali pakamwa.

"Amayi, mwandibaya."

"Ndikubaye pati? Pali nyama apa?"

Anaseka mpaka chifuwa chinamugwira. Faustina anamasula manja a jekete, anabweza mapewa, anabweza m'chiuno kumsana ndi m'mbali, anabweza thalauzi. Kutalika sanakhudze. Itatha inamukhala bwino kwambiri moti Kondwelani anapempha kalilole wa ku golosale, nadzijambula yekha, foni pachifuwa, chigongono pansi, nkhope yonse poyera. Chithunzi chimenecho n'chimene Thokozile amasunga.

Kondwelani ukwati sanaufike. Anatisiya m'mawa wina fodya wotsiriza asanapite ku okushoni, mutu wake uli pa miyendo ya Faustina. Anagona ku manda a kwathu, pafupi ndi Lefina.

Pomuveka sutiyo, amuna amene ankakonza thupi anandiitana kuti ndione chimene anapeza. Kumsana kwa jekete nsalu ya m'kati inali yongolumikiza ndi ulusi wapatalipatali, ndipo pansi pake misoko inali yokhuthala modabwitsa. Telala akabweza chovala kwambiri chotero amadula nsalu yotsalayo kuti isatupe. Faustina sanadule ngakhale pang'ono. Anangoipindira m'kati yonse, m'chiuno, m'mbali ndi m'thalauzi.

Maliro atatha ndinamufunsa. Anali atabwerera kale pa khonde lake, akusoka yunifolomu ya mwana wa eni ake.

"Ndinkati akanenepa ndidzamasule," anatero, osakweza mutu, ndipo anapitiriza kupalasa makina.