Mwendo Umene Unaleka Kudumpha

Nkhani iyi sindinaiuzepo munthu, ngakhale abusa athu. Ndikuilemba chifukwa dzanja limavomera zimene pakamwa panga pamakana. Kulemba ndinaphunzira ndili kale ndi imvi, ku sukulu ya kwacha, ndipo Chichewa changa ndi cha pawailesi ndi pamsika. Kunyumba timalankhula Chitonga.

Mkazi wanga woyamba anamwalira pobereka, kumudzi kwathu kufupi ndi Bandawe. Anatupa nkhope ndi manja, mutu unkamuwawa, kenako anayamba kuphupha, thupi lonse kugwedezeka. Azimayi akuluakulu anati vuto ndi ine, ndinayenda ndi mkazi wina iye ali ndi pakati. Zinali zoona. Anandikhazika pakhonde kuti nditchule dzina la mkazi winayo, ndipo dzuwa linapendeka tikukambirana zimenezo. Palibe amene anatchula za chipatala, ngakhale ine. Mwana anatuluka wamoyo, wamkazi. Anamulera mkazi wanga wachiwiri, amene ndili naye mpaka lero.

Mwana ameneyo ndiye anadzatupa nkhope nayenso, pa mimba yake yoyamba, zaka za matipate zitalowa kale. Mwamuna wake anali ku Joni. Nditangoona zala zake zitafufuma, sindinafunse munthu. Ndinagwira galimoto ya matola pamsewu, ine ndi mkazi wanga tinapita naye kuchipatala ku Chintheche. Anachira m'mamawa, mwana wamwamuna, koma bipi yake inali pamwamba, mutu ukumuwawa, m'maso akuona tinthu tothwanima. Anamugoneka m'kachipinda kapambali.

Ine ndinali panja. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango, ndinadzuka, ndinapita kumsewu, ndinabwerera. Unali Okutobala, dothi likuotcha kudzera m'nsapato. Ndinagula nthochi osazidya. Masana atakwana, nthawi yoona odwala, ndinayima pakhomo pa kachipindako. Mkazi wanga anandiuza kuti ndidikire pang'ono. Ndinamuona akutuluka ndi kabeseni kophimba ndi chitenje.

Nditalowa, namwino anabwera pambuyo panga. Anali mayi wamfupi wa kummwera, wolankhula mofulumira, ndipo tsiku limenelo anali yekha mbali yonse ya azimayi.

“Agogo atsopano ndi amenewa?” anatero. “Khalani pansi, mwayenda mokwanira. Ndakhala ndikukuonani pawindo ngati mlonda wa kubanki.”

Anandifotokozera kuti mwana wanga akulandira mankhwala otchedwa maginiziyamu salufeti, oletsa kuphupha. Oyamba anamupatsa pamtsempha ndi m'matako onse awiri, ndipo otsatira ankamubaya pakatha maola anayi alionse, thako ili kenako linalo, mpaka tsiku lathunthu litatha chiberekereni. Kenako anapinda mwendo wa mwana wanga, naugogoda pansi pa bondo ndi kanyundo ka labala. Mwendo unadumpha. Ine ndinayimirira. Mwendo wa mayi ake unayamba choncho.

“Mukumuputa,” ndinatero. “Musamugwedeze.”

“Ndikufuna udumphe, agogo. Mankhwalawa akachuluka m'magazi, choyamba kuzima ndi bondo. Kenako kupuma.”

Ndinamva mawuwo koma sanalowe. Namwino anayang'ana chifuwa cha mwana wanga ndi wotchi yake, nagwedeza mutu kuvomereza. Atawerama kuona thumba la mkodzo lopachikidwa m'mbali mwa bedi, analipeza lopanda kanthu.

“Amayi, mkodzo uli kuti?”

“Ndataya,” anayankha mkazi wanga. “Bambo ake amalowa.”

“Ndinakuuzani musataye. Unali wochuluka? Unafika pamzere uwu?”

Mkazi wanga anayang'ana ine, nayang'ana pansi. “Eee, unafika.”

Kwathu bambo saona zotere za mwana wake wamkazi. Ngakhale thumba lopanda kanthulo mkazi wanga analiphimbanso ndi nsalu namwino atangochotsa dzanja, ndipo ine ndinaona kuti wachita bwino. Anayankha mwachangu kuti nkhani ya mkodzo ithe pamaso panga. Namwino anazengereza pang'ono, koma bondo linali litadumpha, kupuma kunali bwino, ndipo kuchipinda choberekera munthu anali kumuitana. Anabaya jakisoni uja. Mwana wanga analuma chitenje.

“Akayamba kupuma mochedwa, kapena mukaona kuti sakudzuka bwino, mundiitane msanga,” anatero namwino ali pakhomo. “Musaope kugogoda.”

Nthawi yoona odwala inatha koma palibe anandithamangitsa. Ndinayenda kuchoka pawindo kupita pakhomo, pakhomo kupita pawindo. Mwana wanga anati akumva kutentha thupi lonse. Ndinati ndi dzuwa. Patapita nthawi anati, “Ada, mwakhala awiri,” lilime likulemera ngati la munthu woledzera. Anaseka pang'ono, nanenso ndinaseka. Kenako anagona, manja atatambasuka, osagwedeza ngakhale chala.

Kuyambira tsiku lija pakhonde, chimene ndinkaopa ndi thupi logwedezeka. Tsopano ndinali kuona thupi la phee. Ndinakhala pansi modekha koyamba tsiku limenelo ndi kuthokoza Mulungu.

Mkazi wanga sanakhazikike. Anaika khanda pabedi lina, nayandikitsa khutu kumphuno kwa mwana wathu.

“Akupuma patalipatali,” anatero m'Chitonga. “Ndikaitane anamwino.”

“Wagona. Usiku wonse sanagone. Ukufuna abwere amumenyenso bondo?”

“Anati tiwaitane.”

“Khala pansi. Iwe sunaone zimene ndinaona ine.”

Anakhala. Mawu amenewo sankawayankha, zaka zonsezi. Anangopinda manja, maso ali pachifuwa cha mwana. Ine ndinayamba kusenda nthochi ija. Sindidziwa kuti tinakhala choncho nthawi yaitali bwanji. Ndikukumbuka ntchentche itatera pamlomo pa mwana wanga, iye osaimva. Mkazi wanga anayimirira osandiyang'ana, natuluka.

Namwino anabwera akuvula magolovesi. Anaitana mwana wanga, namugwedeza phewa. Maso anatseguka pang'ono n'kutsekekanso. Anapinda mwendo uja nagogoda. Palibe chinachitika. Anagogodanso, kenako mwendo winawo. Miyendo inali lende ngati ukonde wonyowa.

“Mwaona, wasiya,” ndinatero ine. “Wachira.”

Namwino anayang'ana chifuwa cha mwana wanga. Anali akuwerenga kupuma, milomo ikuyenda. Anavundukula nsalu ija pathumba. Munali timkodzo tochepa kwambiri, takuda ngati tiyi.

“Amayi, ndiuzeni zoona. Umene munataya uja unali wotani?”

“Ngati womwewu,” anatero mkazi wanga. “Wosadzaza chikho.”

“Agogo, thamangani mukaitane adokotala, chitseko chachiwiri. Munene kuti maginiziyamu wachuluka.”

Ndinathamanga ndikubwereza mawuwo kuti ndisawataye. Adokotala anali mnyamata wamtali, anasiya wodwala pampando. Pobwerera tinapeza namwino ataika chophimba pamphuno ndi pakamwa pa mwana wanga, akufinya chithumba chopopera mpweya. Ananena mwachidule: bondo palibe, kupuma sikukufika khumi pa mphindi, mkodzo ndi wochepa. Pathebulo la pambali panali kabotolo kakang'ono kagalasi kamene ndinakaona chilowereni osakalabadira. Adokotala anakathyola khosi, nakoka madzi ake m'jakisoni, nayamba kuwalowetsa pamtsempha wa padzanja.

Ankakankha pang'onopang'ono moti ndinafuna kumulanda.

“Fulumirani, adokotala.”

“Awa sathamangitsidwa, bambo. Akalowa mwachangu amasokoneza mtima.”

Ndinatuluka, ndinalowanso. Khanda linayamba kulira, mkazi wanga analinyamula. Namwino ankafinya, n'kudikira, n'kufinya. Chala cha adokotala chinkayenda ngati sichikuyenda. Jakisoni asanathe, chifuwa cha mwana wanga chinakwera chokha, kwambiri, ngati cha munthu wovuuka m'madzi. Chinakweranso. Namwino anachotsa chophimba chija nayambanso kuwerenga. Patapita kanthawi anagogoda bondo, ndipo mwendo unasuntha pang'ono chabe, ngati nsomba yotsala ndi moyo pansi pa bwato.

Ndinapempha kuti agogodenso. Anagogoda.

Mwana wanga atatsegula maso anafunsa kuti khanda lili kuti. Adokotala anati maginiziyamu aimitsidwa, ndipo ayang'anira kupuma pafupipafupi chifukwa mphamvu ya kabotolo kaja ikhoza kutha mankhwala oyamba akadali m'magazi. Anaitanitsa ambulansi kuti apite naye kuchipatala chachikulu ku Boma, akaone impso zake. Ndinafunsa dzina la kabotoloko. Anati kalisiyamu gulukoneti, ndipo amakasunga pafupi ndi aliyense wolandira maginiziyamu.

Tikudikira galimoto, namwino anatuluka kudzasamba m'manja pampopi. Ndinamutsatira. Anandiuza kuti mankhwala aja amatuluka m'thupi kudzera mumkodzo basi. Impso zikafooka, monga zimachitira nthawi zina pa matenda amenewa, mankhwala amaunjikana. Akanaona thumba lija mmene linalili, sakanabaya jakisoni wamasana.

“Musawakalipire amayiwo,” anatero. “Nanenso ndinafulumira kukhulupirira.”

“Ankabisira ine,” ndinatero. “Ndipo ndine ndinawaletsa kukuitanani.”

Anandiyang'ana, akukutumula madzi m'manja. Ndinamufunsa chimene ndinali nacho m'mimba zaka zonse zija: ngati matenda otupa ndi kuphuphawa amabwera chifukwa cha mayendedwe a mwamuna.

“Zikanakhala choncho, agogo, wodi ino bwenzi ilibe pogona,” anatero. “Matendawa amayambira pa nsengwa ya mwana, bipi n'kukwera. Mayi ake anali nawo?”

Ndinavomera ndi mutu.

“Nthawi zambiri amatsata mtundu. Mwachita bwino kubwera naye msanga.”

Ndinayembekeza kuti mawu amenewo andipepuza. Sanatero. Ngati sindine ndinabweretsa matenda, ndine ndinakhala pakhonde paja mpaka dzuwa kupendeka, ndipo tsiku limenelinso ndinali nditakhala, ndikusenda nthochi.

Ambulansi inafika chakumadzulo. Inatenga wodwala, khanda, namwino wina ndi womudikirira mmodzi. Anakwera mkazi wanga. Ine ndinagona kwa mphwanga pafupi ndi msika, ngati kumeneko n'kugona.

M'mawa ndinakwera matola oyamba opita ku Boma. Ndinapeza mwana wanga atakhala tsonga, akuyamwitsa, nkhope idakali yotupa. Mkazi wanga atandiona pakhomo anatambasula dzanja kutenga chitenje kuti aphimbe thumba. Ndinagwira chitenjecho, ndinachipinda, ndinamubwezera. Kenako ndinagwada pansi pambali pa bedi, mawondo akulira, ndinayandikitsa maso pa timizere tija, ndinatsata ndi chala mpaka pamene mkodzo unalekezera, ndi kuwerenga nambala yake mokweza monga ankatiwerengetsera ku sukulu ya kwacha.

“Ada,” anatero mwana wanga, “anthu akukuonani.”

Ndinadzuka kukauza namwino nambalayo ndisanaiiwale.