Kalata ya Aphunzitsi Pamsika wa Thonje

Senderani kuno mumve. Mwana wanga wamkazi atabwera ndi kalata ya aphunzitsi ake, ndinkati amuchotsa sukulu, poti kwathu ku Nsanje tinkayankhula Chisena, Chichewa chikumuvuta. Ine kuwerenga sindidziwa, ndiye ndinapita nayo kwa kalaliki wa pamsika wa thonje.

“Mayi, si mlandu,” anatero akuseka. “Akufotokoza mawu atsopano a teremu ino. Akuti chija mumati mwadiya m’Chisena, m’kalasi ndi bwato. Akupempha muzimufunsa mwanayo kunyumba.”

Aphunzitsi athunthu kudalira ine, wosagwirapo pensulo. Kalaliki anawerenga mawuwo kawiri, ndinawasunga onse m’mutu, n’kumamufunsa mwanayo tikutola thonje.

Mwanayo anakhoza, n’kudzakhala namwino ku Chikwawa. Kalaliki anakalambira pamsika pomwepo. Aphunzitsiwo anawasamutsa ndisanawaone nkhope.