Mbaula ya Ba Anti ndi Chithunzi Chachitatu

Ba anti amagulitsa mbaula zomatidwa dongo m'kati, zija zosadya malasha ambiri. Foni yabwino ndi yawo, koma zala zachangu ndi zanga, choncho patchuthi anandipatsa ntchito yokonza positi ya zithunzi zotsatizana, zoti munthu azisuntha ndi chala, chilichonse ndi mawu ake ochepa.

Anandiuza dongosolo lake. Choyamba mbaula yokha, chachiwiri kathiridwe ka malasha, chomaliza mtengo. Chachitatu anachibwereza kawiri.

"Iwe mwaiche, ulembe kuti osazima na manzi. Dongo ikapya, ukathira manzi, ing'ambika. Wamvela?"

Ndinamva. Koma ndinali ndi chithunzi cha ba ankolo ali mtulo pampando pafupi ndi mbaula, kukamwa kuli yasa. Chithunzi chotere sichitayidwa. Ndinachiika pachitatu ndi mawu akuti: "Pezani wokupizira moto. Uyu ayi." Chenjezo ndinalikankhira kumapeto kwa mawu aatali apansi pa positi, kumene foni imadula, ndipo palibe amene amadina kuti awerenge zotsala.

Anthu anaseka kuyambira ku Nottie Broadie mpaka ku Simonga. Ba ankolo anakwiya, mbaula zinagulidwa, ine ndinkayenda ngati mwini tauni.

Chimene sindinachiganizire n'chakuti kuno aliyense akamaliza kuphika amawaza madzi pa malasha kuti atsaleko a mawa. Mbaula ya chitsulo chokha imapirira. Ya dongo ayi.

Loweruka m'mawa kunabwera mayi wina wokazinga vitumbuwa pamsika, mbaula ili pamutu. Anaitula pakhonde. Dongo linali litang'ambika mpaka pansi, chidutswa chitagwera m'kati.

"Ba sisi, nili na ufa wokanda kale, nizaphikila pati? Anzanga pa msika akamba ati mbaula zanu ni zaboza."

"Simunawelenge pa namba fili?" anafunsa ba anti.

"Pa namba fili pali amuna anu."

Ba anti anatsegula foni, nasuntha kawiri. Sanandikalipire. Anangondiyang'ana, n'kulowa m'nyumba kukatenga mbaula yatsopano. Bola akadandimenya khofi.

Ndinaisenza ine mpaka kumsika, mayi uja ali patsogolo. Tinakapeza ufa wake utafufuma kale mpaka kusefukira m'beseni. Makasitomala a m'mawa anali atapita kwa ena. 

Tsiku lomwelo ndinajambula mbaula yong'ambika ija, n'kukonza positi ina. Mng'alu ndinauika pachithunzi choyamba, chimene aliyense amaona asanasunthe: "Madzi ndi amene anachita izi. Phulani malasha ndi chopanira, muzimire pansi." Ndinazungulira nayo pamsika kuonetsa azimayi mmodzimmodzi. Awiri amene anati abweza mbaula zawo anazisunga. Wina anabwezabe, ndipo ba anti anailandira.

Ba ankolo sindinawachotse. Ndinangowasunthira kumapeto kwa positi yatsopanoyo, pambuyo pa mtengo.